Quality, Balanced Kapena Performance: Chithunzi cha Gemu Chingadulidwe Mpaka Pati?

Munthu akatsegula gemu ya Cyberpunk 2077 pa kompyuta n'kulowa pamene amasinthira kaonekedwe ka zithunzi, amakumana ndi mawu anayi ondandalikidwa: Quality, Balanced, Performance ndi Ultra Performance. Ambiri amasankha Quality chifukwa dzinalo likumveka labwino. Ena, gemu ikayamba kutsimphina, amathamangira pa Performance n'kumadabwa kuti nkhope za anthu a m'gemumo zasanduka phala. Pali enanso amene amatsika mpaka pansi penipeni koma liwiro osasintha ngakhale pang'ono. Onsewa akusankha potengera dzina, pamene dzinalo palokha silinena kuti chithunzi chioneka bwanji pa sikirini yawo.

Gemu si filimu imene inajambulidwa kale. Chithunzi chilichonse chimene wosewera amaona chimakhala chitangopangidwa kumene ndi khadi la zithunzi la m'kompyutamo, ndipo chikangooneka chimachotsedwa kuti china chilowe. Zithunzi zimenezi osewera amazitchula kuti mafulemu. Kuti gemu iziyenda mosalala pamafunika mafulemu 60 pa sekondi, ndiye kuti khadilo limapatsidwa mamilisekondi 16.7 okha kuti limalize fulemu imodzi. Likamatenga mamilisekondi 33, gemu imayenda pa mafulemu 30, ndipo wosewera amamva kulemera m'manja akamatembenuza kamera.

Ntchito yaikulu ya khadilo ndi kuwerengera mtundu wa kadontho kalikonse ka pa sikirini, kamene amakatchula kuti pikiselo. Sikirini ya 1080p ili ndi mapikiselo 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, onse pamodzi oposa pang'ono 2 miliyoni. Ya 1440p ili ndi pafupifupi 3.7 miliyoni, ndipo ya 4K ili ndi pafupifupi 8.3 miliyoni. Nzeru imene ili kuseri kwa mawu anayi aja ndi yakuti khadi lijambule chithunzi chaching'ono, chamapikiselo ochepa, kenako pulogalamu ina ichikulitse kuti chidzaze sikirini yonse. Kampani ya Nvidia imatchula njira yake kuti DLSS, ya AMD imati FSR, ndipo ya Intel imati XeSS.

Kukulitsa chithunzi si kwachilendo. Wailesi yakanema iliyonse imachita zimenezi, ndipo aliyense amene anatambasulapo chithunzi cha pafoni amadziwa mmene chimachitira chimbuuzi. FSR yoyamba, imene inatuluka mu 2021, inali ya mtundu umenewu ngakhale inali yanzeruko: inkatenga fulemu imodzi, kuitambasula, kusalaza m'mphepete mwa zinthu, kenako n'kuinola kuti ioneke yakuthwa. Chimene sichinajambulidwe mu fulemu imeneyo chinali chitatayika basi. Waya wa magetsi amene anali wopyapyala kuposa pikiselo imodzi ankaoneka woduladula, ndipo panalibe pomutenga.

Njira zimene zikugwira ntchito masiku ano, kuyambira DLSS 2 ya mu 2020, FSR 2 ndi XeSS za mu 2022, zimachita mosiyana. Pa fulemu iliyonse gemu imasuntha kamera pang'ono zedi, mtunda wosakwana pikiselo imodzi, moti diso silingaone. Chifukwa cha kusunthako, fulemu iliyonse yaing'ono imagwira timbali tina ta chinthu chomwecho timene fulemu yapitayo inaphonya. Zili ngati munthu amene akusuzumira pa mpanda wa bango: akangoima duu amaona timizere tochepa ta bwalo, koma akamasuntha mutu uku ndi uku, bwalo lonse limadziwika. Pulogalamu yokulitsa imasunga mafulemu apitawo n'kumawaphatikiza ndi yatsopano. Kuti isasokoneze zinthu, gemu imaiuza kuti chinthu chilichonse chasunthira kuti kuchokera pa fulemu yapita, komanso kuti chili kutali bwanji ndi kamera.

N'chifukwa chake chithunzi cha njira zimenezi chimaoneka bwino kwambiri wosewera akaima malo amodzi. Pakangopita mafulemu angapo, pulogalamuyo imakhala itatolera zokwanira, moti ngakhale Performance imatha kufanana ndi chithunzi chosadulidwa. Vuto limabwera zinthu zikayamba kuyenda, chifukwa zakale zija zimasiya kugwirizana ndi zatsopano. Munthu amene akufananitsa njirazi poyang'ana zithunzi ziwiri zoima amakhala akuyesa pamene palibe mayeso.

Tsono mawu anayi aja amatanthauza kuchuluka kwa zimene zadulidwa. Pa DLSS ndi FSR, Quality imajambula magawo awiri mwa atatu a litali ndi magawo awiri mwa atatu a lifupi. Balanced imajambula pafupifupi 58 peresenti ya mbali iliyonse, Performance theka, ndipo Ultra Performance gawo limodzi mwa atatu. Poti kudulako kumachitika mbali zonse ziwiri, mapikiselo amatsika kwambiri kuposa mmene manambalawa akumvekera. Quality imatsala ndi 44 peresenti ya mapikiselo onse. Performance imatsala ndi kota. Ultra Performance imajambula pikiselo imodzi pa 9 alionse, ndipo 8 otsalawo ndi ongomangidwa.

Apa m'pamene dzina limanamiza. Wosewera amene ali ndi sikirini ya 4K akasankha Performance, khadi lake limajambula chithunzi cha 1920 ndi 1080, mapikiselo oposa 2 miliyoni. Mnzake amene ali ndi sikirini ya 1080p akasankha Quality, khadi lake limajambula 1280 ndi 720, mapikiselo osakwana 1 miliyoni. Choncho amene wasankha dzina lotsika ndiye wapatsa pulogalamu yokulitsa zipangizo zochuluka kuwirikiza kawiri n'kupitirira. Wa 1080p uja akatsika n'kufika pa Performance, ndiye kuti gemu yonse ikuchokera pa chithunzi cha 960 ndi 540. Pamenepo tsitsi, udzu ndi mipanda ya waya zimakhala zopyapyala kuposa pikiselo, ndipo palibe pulogalamu imene ingazibwezeretse bwinobwino kamera ikamayenda. Malangizo amene munthu wamva kwa mnzake wa sikirini ya 4K akuti Performance ilibe vuto ndi oona kwa mwiniwakeyo, koma pa laputopu ya 1080p ndi osokeretsa.

Intel inawonjezeranso chisokonezo china mu 2024. Itatulutsa XeSS 1.3 inasintha tanthauzo la mayinawa: Balanced yake inayamba kujambula theka la mbali iliyonse, zimene pa DLSS ndi FSR zimatchedwa Performance, ndipo Quality yake inatsika kufika pamene enawo amati Balanced. Amene akufuna mulingo wofanana ndi Quality ya DLSS ayenera kusankha Ultra Quality. Munthu amene sakudziwa zimenezi angaganize kuti XeSS ikuthamanga kuposa zinzake, chonsecho yangojambula mapikiselo ochepa.

Nanga phindu lake ndi lochuluka bwanji? Zikanakhala kuti nthawi yonse ya fulemu imathera pa mapikiselo, kudula mapikiselo kufika pa kota kukanachulukitsa mafulemu kanayi. Sizichitika choncho, ndipo chitsanzo chongoyerekeza chingaonetse chifukwa chake. Tinene kuti wosewera ali ndi sikirini ya 1440p ndipo gemu yake ikuyenda pa mafulemu 45, kutanthauza mamilisekondi 22 pa fulemu. Tinene kuti mwa amenewa, 16 akuthera pa ntchito yodalira kuchuluka kwa mapikiselo, monga kuwala ndi kunyezimira kwa madzi, ndipo 6 akuthera pa ntchito imene sisintha ngakhale chithunzi chichepe, monga kuyala maonekedwe a nyumba ndi magalimoto komanso kukonza mapu a mithunzi. Pulogalamu yokulitsayo nayonso si yaulere. Tiipatse mamilisekondi 1.5.

Akasankha Quality, 16 aja amatsika kufika pa 7.1. Kuphatikiza ndi 6 osasintha ndi 1.5 wa kukulitsa, fulemu ikutenga mamilisekondi 14.6, omwe ndi mafulemu 68 pa sekondi. Wapindula mafulemu 23 pa sitepe imodzi. Akatsikira pa Balanced nthawi imafika pa 12.9, mafulemu 77 kapena 78. Pa Performance imafika pa 11.5, mafulemu 87. Sitepe yoyamba inapulumutsa mamilisekondi oposa 7, koma ziwiri zotsatirazo zapulumutsa osakwana 2 iliyonse, pamene chithunzi chikumka chiwonongeka pa sitepe iliyonse. Ngati sikirini yake imangotha kuonetsa mafulemu 60 pa sekondi, monga zilili sikirini zambiri za mu ofesi ndi mawailesi akanema ambiri, Quality yamufikitsa kale. Zotsalazo wangogula ndi chithunzi chake popanda kuziona.

Palinso khoma lina limene kukulitsa sikungagwetse. Khadi la zithunzi lisanayambe kujambula, purosesa ya kompyuta imayenera kuwerengera kaye zimene zikuchitika m'gemumo: anthu akuyenda mumsewu, magalimoto, zipolopolo, adani akuganiza chochita. Ntchito imeneyi sidalira kukula kwa chithunzi. Mu chitsanzo chomwechi, ngati purosesa ikufuna mamilisekondi 14 pa fulemu, gemu singadutse mafulemu 71 zivute zitani. Quality ifika pa 68, koma Balanced, Performance ndi Ultra Performance zonse zidzaima pa 71, khadi likungodikira purosesa. Uyu ndiye wosewera uja amene amatsika mpaka pansi osaona kusintha.

Kuzindikira zimenezi n'kosavuta. Pulogalamu ngati MSI Afterburner imaonetsa pakona ya sikirini kuchuluka kwa ntchito imene khadi likugwira. Nambalayo ikakhala pa 97 kapena 99 peresenti, khadi ndilo lalemedwa ndipo kukulitsa kudzathandiza. Ikamayendayenda pa 70 kapena 80 pomwe mafulemu ali otsika, ndiponso palibe malire a mafulemu amene aikidwa, ndiye kuti khadi likudikira, ndipo kawirikawiri likudikira purosesa. Ngakhale popanda pulogalamu ina iliyonse, munthu angathe kungoika Ultra Performance kwa mphindi imodzi n'kuyang'ana nambala ya mafulemu. Ikakana kukwera, mankhwala ali kwina. Mu Cyberpunk 2077, mwachitsanzo, chimene chimapepukitsa purosesa ndi kutsitsa Crowd Density, imene imachepetsa anthu oyenda m'misewu ya Night City.

Mbali yovutirapo ndi kuweruza chithunzi, chifukwa pamenepa palibe nambala. Komabe zolakwika za kukulitsa zili ndi malo amene zimakonda kubisalako, ndipo munthu akawadziwa saphonyanso.

Choyamba ndi kuthwanima kwa zinthu zopyapyala. Wosewera aime moyang'ana mpanda wa waya, masamba a mtengo wakutali kapena mawaya a magetsi, kenako ayende chammbali pang'onopang'ono. Pa mulingo wabwino wayayo amakhalabe mzere umodzi. Mulingo ukatsika amayamba kuphethiraphethira, mbali zina kuzimiririka n'kubweranso, ndipo masamba amaoneka ngati akuwira. Chachiwiri ndi mzukwa wotsatira chinthu choyenda. Galimoto ikathamanga pamsewu wakuda, kumbuyo kwake kumatsala kachithunzi kozilala ka galimoto yomweyo, chifukwa pulogalamuyo yachedwa kutaya zakale. Zimenezi zimaoneka kwambiri pa zinthu zimene gemu siinena bwino kuyenda kwake, monga mvula, utsi, nthethe za moto ndi mbalame zakutali.

Chachitatu ndi chimene chimasiyanitsa kwambiri njirazi, ndipo chimaoneka m'magemu amene kamera imakhala kumbuyo kwa munthu, monga Horizon Forbidden West. Aloy akathamanga kudutsa m'udzu, malo amene thupi lake linaphimba pa fulemu yapita amavundukuka mwadzidzidzi. Pa malo amenewo pulogalamu ilibe zakale zoti iphatikize, choncho imangodalira fulemu yaing'ono imodzi ija. Zotsatira zake ndi kamzere ka timadontho tokhakhala tozungulira tsitsi ndi mapewa ake. Pa Quality kamzereka n'kovuta kukaona. Pa Performance ya sikirini ya 1080p kamakhala ngati nsabwe zikuyenda m'mphepete mwa munthuyo. FSR 2 ndi FSR 3 n'zimene zinkadziwika kwambiri ndi vuto limeneli, pamene DLSS inkabisa bwino malo oterowo ngakhale inkawafewetsa.

Amene amayatsa Ray Tracing ali ndi chinanso choti ayang'ane. Kuchuluka kwa mizere ya kuwala imene khadi limatsata kumayendera mapikiselo a chithunzi chaching'ono chija, osati a sikirini. N'chifukwa chake kukulitsa kumapindulitsa kwambiri Ray Tracing ikayaka, komanso n'chifukwa chake zithunzithunzi za m'zithaphwi ndi m'magalasi zimakhala zoyamba kuchita mawangamawanga mulingo ukatsika. Zolemba za pa sikirini, monga mapu ndi nambala ya zipolopolo, nthawi zambiri zimajambulidwa kukulitsa kutatha, choncho kuthwa kwake sikunena kanthu za mulingo umene wasankhidwa.

Poyesa, ndi bwino kuzimitsa kaye Motion Blur, Film Grain ndi Depth of Field, poti zimenezi zimachititsa chimbuuzi chawochawo n'kusokoneza chiweruzo. Kenako munthu asankhe njira imodzi m'gemumo, ya masekondi 30 kapena kuposa, yokhala ndi mpanda, mitengo ndi chinthu choyenda, n'kuidutsa mofanana pa mulingo uliwonse atakhala pamene amakhala masiku onse. Mtunda umenewu ndi wofunika ndithu: cholakwika chimene chimaoneka mphuno ili pafupi ndi sikirini ya pa tebulo chimatha kusowa munthu akakhala pa sofa mamita atatu kuchokera pa wailesi yakanema. Magemu ambiri alinso ndi kotsetsereka kotchedwa Sharpness. Kamathandiza kakakwezedwa pang'ono, koma sikabwezeretsa chimene sichinajambulidwe. Kakapyola muyeso kamazunguliza zinthu ndi mzere woyera ndipo kuthwanima kuja kumakula.

Kusankha pakati pa makampani atatuwa kumayamba ndi khadi limene munthu ali nalo. DLSS imagwira pa makhadi a Nvidia okhala ndi dzina la RTX okha, kuyambira a m'gulu la RTX 20 a mu 2018, chifukwa imadalira timagawo tapadera ta m'khadimo towerengera masamu a makina ophunzitsidwa. Mu Januwale 2025 Nvidia inatulutsa DLSS 4, imene njira yake yatsopano yokulitsira imagwira pa makhadi onse a RTX. Imasunga kuthwa bwino kwambiri zinthu zikamayenda, moti Balanced yake imapikisana ndi Quality yakale, ngakhale imalemera pang'ono, makamaka pa makhadi akale. Chaka chomwecho AMD inatulutsa FSR 4 pamodzi ndi makhadi a RX 9070, nayonso yodalira makina ophunzitsidwa, ndipo inathetsa zambiri mwa timadontho tija. FSR 2 ndi FSR 3 zimagwira pafupifupi pa khadi lililonse, kuphatikizapo a Nvidia. XeSS imagwira bwino kwambiri pa makhadi a Intel Arc, koma ili ndi mtundu wina wopepuka umene umayenda pa makhadi a makampani ena. Kawirikawiri umaoneka wokhazikika kuposa FSR 2 zinthu zikamayenda, koma umadya nthawi yochulukirapo. Nzeru yomweyi yafikanso pa makina a magemu a pabalaza: PlayStation 5 Pro ya mu 2024 ili ndi njira yake yotchedwa PSSR, ndipo Nintendo Switch 2 ya mu 2025 imagwiritsa ntchito DLSS, kungoti kumeneko mulingo amasankha ndi opanga gemu.

Pamalo omwewo posankhira pamapezekanso Frame Generation, imene ambiri amaisokoneza ndi kukulitsa. Imeneyi ndi ina. Imapanga fulemu yongoyerekeza n'kuilowetsa pakati pa mafulemu awiri enieni, choncho nambala ya pakona imakwera ndipo kuyenda kumaoneka kosalala, koma gemu simva msanga zimene manja akuchita; imachedwerako pang'ono. Kukulitsa kumachepetsadi nthawi ya fulemu, n'chifukwa chake ndi kumene kuyenera kuyamba. Kuyatsa Frame Generation pa gemu imene ikuyenda pa mafulemu 30 kumapereka chithunzi chosalala chokhala ndi chiwongolero cholemera.

Pa sikirini ya 4K, Performance ndi poyambira pabwino pa DLSS ndi FSR 4, ndipo munthu amakwera pokhapokha mafulemu atatsala. Pa 1440p, Quality imajambula 1707 ndi 960, ndipo pa magemu ambiri n'zovuta kuisiyanitsa ndi chithunzi chosadulidwa. Balanced ndi yopirika ngati kusiyana kwake n'kumene kukufikitsa pa 60. Ultra Performance inapangidwira sikirini za 8K, ndipo kwina konse ndi yongoyesera ngati purosesa ndi imene ikuchedwetsa. Amene mafulemu akumukwanira kale ali ndi DLAA kapena Native AA, zimene zimagwiritsa ntchito nzeru yomweyi kusalaza chithunzi popanda kudula pikiselo ngakhale imodzi.

Amene ali pa mpanipani weniweni ndi mwini laputopu ya 1080p yokhala ndi khadi ngati GTX 1650, makina amene amapezeka kwambiri kwa ogula zogwiritsidwa kale ntchito. Khadi limeneli lilibe DLSS, ndipo ndi limene likufunitsitsa thandizo pomwe lili ndi mapikiselo ochepa oti lidule. Kwa iyeyu Quality ya FSR, kapena mulingo wofanana nayo pa XeSS, ndiwo malire. Mafulemu akapanda kukwana pamenepo, n'kwabwino kusiya mulingowo n'kutsitsa zina zolemera zimene diso siliziona kwambiri pa kasikirini ka mainchesi 15. Mu Cyberpunk 2077 zoyamba kutsitsa ndi Screen Space Reflections Quality ndi Volumetric Fog Resolution, kenako mithunzi. Ayang'anenso Texture Quality: khadili lili ndi memore ya magigabaiti 4 okha, ndipo ikadzaza gemu imaima kakasi kwa kamphindi n'kupitiriza, vuto limene kukulitsa kumangochepetsa pang'ono chifukwa zikopa za makoma ndi zovala sizichepa chithunzi chikachepa.

Ngati zonsezi zachitika ndipo gemu ikungoyenda pakati pa mafulemu 38 ndi 50, chimene chatsala ndi kuika malire. Pa sikirini ya 60 yosatha kusintha liwiro lake, mafulemu 30 okhazikika amagawika mofanana, fulemu iliyonse kuoneka kawiri, ndipo amayenda mosalala kuposa 45 odumphadumpha. Pa sikirini yokhala ndi FreeSync kapena G-Sync malirewo angakwere kufika pamene gemu siitsika, bola asatsike kupyola pamene sikiriniyo imasiyira kutsatira. Malire amenewa amapatsanso khadi mpata wopuma pakati pa mafulemu, choncho laputopu situkusira kwambiri. M'nyengo yotentha ya Okutobala zimenezi zimaoneka msanga, poti laputopu ikatentha mopyola imadzitsitsa yokha liwiro, ndipo gemu imene inayamba pa mafulemu 50 imapezeka ili pa 35 theka la ola lisanathe.